Sabata yomwe x anakana kuchoka pa bolodi

Lolemba ndinabweza mapepala a ophunzira anga a chaka choyamba. Samu yomwe inagwetsa ambiri inali ∫ x√(x² + 1) dx. Ena, pofuna kuika u m'malo mwa gawo lina la samuyo kuti iphweke, anasankha u = x, samu n'kubwerera momwe inalili, kungosintha chilembo basi. Ndinawauza kuti ayambe ayang'ana chomwe chakutiridwa mkati mwa chinzake, apa ndi x² + 1 yemwe ali pansi pa √. Koma ameneyo ndi wongomuganizira chabe. Womutsimikiza ndi x wotsala kunja uja. Mukatenga u = x² + 1 mumapeza du = 2x dx, ndipo x dx ali kale m'samumo. Chosowa ndi 2 yekha, yemwe timamukonza polemba x dx = ½ du. Samu imasanduka ½∫ √u du, yankho n'kukhala ⅓(x² + 1)^(3/2) + C.

Lachitatu ndinachita dala kufufuta x wakunja uja, n'kusiya ∫ √(x² + 1) dx. Mnyamata wina wochangamuka anathamangira ku bolodi, n'kulemba dx = du/(2x), kenako n'kutulutsa 1/(2x) kunja kwa ∫ ngati ndi nambala wamba.

"Aphunzitsi, si mmene munachitira ndi ½ dzana paja?"

Funsoli linandikhudza, chifukwa mbali ina vuto ndi langa: Lolemba ndinatulutsa ½ mothamanga osanena chifukwa chake. Theka ndi theka nthawi zonse, pomwe x amasinthasintha, ndiye saloledwa kutuluka. Tinatenga derivetivu ya yankho lake, ndipo sinatibwezere √(x² + 1). Samu imeneyi imafuna njira ina, monga x = tan θ, yomwe sitinafikepo.

Lachinayi linathera kumsonkhano.

Lachisanu ndinawapatsa ∫ x³√(x² + 1) dx. Ambiri anagwa ulesi ataona kuti x³ si derivetivu ya x² + 1, mwina poopa za Lachitatu zija. Mtsikana wina wa kumbuyo, yemwe sayankhulayankhula, ndiye anaona kuti x³ ndi x² · x. Anapereka x mmodzi kwa du, n'kutsala ndi x². Popeza u = x² + 1, ndiye kuti x² = u − 1. Samu yonse inakhala ½∫ (u − 1)√u du, mopanda x ndi mmodzi yemwe, ndipo anapeza (1/5)u^(5/2) − (1/3)u^(3/2) + C asanabwezeretse x² + 1 m'malo mwa u.

Mnyamata uja anafunsa ngati zingathekenso ndi x² m'malo mwa x³. Ndinamuuza ayese. Atapereka x mmodzi kwa du anatsala ndi x mmodzi, yemwe kumulemba mwa u kumabweretsa √(u − 1), samu n'kuipiraipira. Nthawi inatha iye adakali ndi choko m'manja, ndipo imeneyo tiyambira Lolemba.