Malipiro anga atakwera kuchoka pa 32,000 MT kufika pa 34,000 MT, msonkho unakwera ndi zingati?

Ndimagwira ntchito yolemba katundu m'nyumba yosungira mbewu ku Ulongwe, m'boma la Angoniya. Abwana atandiuza kuti malipiro anga akwera kuchoka pa 32,000 MT kufika pa 34,000 MT pamwezi, mnzanga wina wamkulu anandikokera pambali. Anati, "Achimwene, samalani. Mwadumpha malire a 32,750. Msonkho wanu wachoka pa 15 peresenti, wapita pa 20. Ndalama zimenezo simudzazinunkha n'komwe."

Anandiwerengera pompo pafoni yake. 15 peresenti ya 32,000 ndi 4,800. 20 peresenti ya 34,000 ndi 6,800. Kusiyana kwake ndi 2,000 ndendende, ndalama yonse imene andiwonjezera. Masamuwo anachulukitsa bwino, koma IRPS, msonkho wa pa ndalama zimene munthu amapeza kuno ku Mozambiki, sawerengera choncho. Umboni woyamba unali m'thumba mwanga: pa resibu ya mwezi wathawo, mzere wa IRPS sunkasonyeza 4,800 ayi.

Ndinapita ku ofesi ya malipiro kukapempha tebulo limene amagwiritsa ntchito podula msonkho mwezi uliwonse. Tebulo limeneli linabwera ndi kusintha kwa lamulo kwa mu 2013. Lili ndi mizere ingapo, koma kwa munthu amene sanalembetse omudalira mutha kuliwerenga motere. Ndalama zosafika 20,250 MT pamwezi sizidulidwa msonkho. Kuyambira 20,250 mpaka 22,250 amadula 10 peresenti, kuchoka pamenepo mpaka 32,750 amadula 15, kenako 20 mpaka 60,750, kenako 25 mpaka 144,750. Zopitirira pamenepo amadula 32 peresenti.

Peresenti iliyonse imakhudza ndalama zokhazo zimene zagwera m'gawo lake. Zili ngati kuthira chimanga m'matumba: thumba loyamba likadzaza mumatsegula lachiwiri, ndipo chimanga cha m'thumba loyamba chija chimakhala momwemo. Munthu wolandira 200,000 MT nayenso salipira kanthu pa 20,250 yake yoyambirira, chimodzimodzi ndi ine.

Ndinakhala pansi ndi cholembera n'kuyamba ndi malipiro akale. Pa 20,250 yoyamba, palibe. Pa 2,000 yotsatira, 10 peresenti ndi 200. Kuchoka pa 22,250 kufika pa 32,000 pali 9,750, ndipo 15 peresenti yake ndi 1,462.50. Zonse pamodzi ndi 1,662.50. Nditayang'ana pa resibu ndinapeza `1.662,50`, chifukwa kalembedwe ka Chipwitikizi kamaika kadontho pa masauzande ndi kamkodola pa masentavu. Kulinso INSS, bungwe la boma loona za penshoni ndi chitetezo cha antchito, limene limadula 3 peresenti kwa wantchito (olemba ntchito amaikapo 4 yawo payokha), choncho inali 960. Zolowa kubanki zinali 29,377.50.

Kenako malipiro atsopano. Gawo la 15 peresenti tsopano ladzaza: kuchoka pa 22,250 kufika pa 32,750 pali 10,500, msonkho wake ndi 1,575. Kuphatikiza ndi 200 ija ikukhala 1,775. Zimene zasefukira m'gawo la 20 peresenti ndi 1,250 yokha, ndipo msonkho wake ndi 250. IRPS yonse ndi 2,025, INSS ndi 1,020, zotsala ndi 30,955.

Choncho pa 2,000 imene anandiwonjezera, msonkho unatengapo 362.50, INSS inatengapo 60, ine ndinatsala ndi 1,577.50 mwezi uliwonse. Si yonse, ndipo ndikumvetsa munthu amene amakhumudwa poona kuti 2,000 yafika yoperewera. Koma kuperewera ndi kutsika ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndimauzidwa kuti ndili "pa 20 peresenti", pamene 2,025 pa 34,000 ndi pafupifupi 6 peresenti basi.

A ku ofesi sawerenga gawo ndi gawo monga ndinachitira ine. Pa mzere uliwonse wa tebulo pali ndalama yolemberatu, ndipo njira yawo ndi yachidule:

```
IRPS = 1,775 + (34,000 - 32,750) × 0.20 = 2,025
```

Ambiri akaona 1,775 amaganiza kuti ndi chindapusa chodumphira malire. Ayi, ndi msonkho wa magawo apansi aja atauphatikiza kale, 200 ndi 1,575. Mutha kuyesa nokha pamalire penipeni. Wolandira 32,740 amalipira 1,773.50, wolandira 32,760 amalipira 1,777. Malipiro asiyana ndi 20, msonkho wasiyana ndi 3.50. Palibe phompho pamenepo. Ngakhale m'gawo lapamwamba kwambiri, pa 100 MT iliyonse yowonjezera msonkho umatenga 32, INSS imatenga 3, ndipo 65 imatsala ndi mwini wake.

Komatu alipo anthu amene amalumbira kuti anakwezedwa malipiro koma kubanki kunalowa zochepa, ndipo sindikuti akunama. Mnzanga uja ndi mmodzi wa iwo, n'chifukwa chake anandichenjeza ndi mtima wabwino. Ndinamupempha kuti abweretse maresibu awiri, ya mwezi umene asanakwezedwe ndi ya mwezi wotsatira. Tinaziika pa thumba la soya n'kumatsata ndi chala mzere ndi mzere. Malipiro ake enieni anali atakweradi, IRPS inakwera pang'ono. Chimene chinasowa chinali mzere wa maola owonjezera. Anakwezedwa nyengo yogula mbewu itangotha, pamene ntchito yamadzulo inali itasiya, ndipo mwezi womwewo anayamba kumudula ngongole imene anatenga pogula feteleza. Anayang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti boma ndinkalinamizira."

Mukaona kuti ndalama zatsika, musayambe ndi nambala yapansi pa resibu. Yambani ndi malipiro onse asanadulidwe, muone ngati mizere yonse ya mwezi watha ilipo. Kenako onani zodula zatsopano monga ngongole, ndalama zimene munatengeratu pakati pa mwezi, kapena masiku amene anakulembani kuti munajomba. Pomaliza chotsani IRPS yakale pa IRPS yatsopano, muyerekeze ndi ndalama imene yawonjezeka. Ngati omudalira anu sanasinthe, kusiyanako sikungapitirire 32 peresenti ya chowonjezeracho. Kukapitirira, pali cholakwika powerengera, mwina wina wachulukitsa peresenti ndi malipiro onse. Pitani nawo maresibu awiriwo mukawapemphe mwaulemu kuti akuonetseni mzere wa tebulo umene agwiritsa ntchito. Msonkhowo amaudula m'dzina lanu, pa nambala yanu ya msonkho ya NUIT, choncho kufunsa si kuderera munthu.

Pamene muli komweko funsaninso kuti analemba omudalira angati. Tebulo lili ndi mizati yosiyana malinga ndi chiwerengero cha anthu okudalirani, kuyambira wopanda aliyense mpaka wa anayi kapena kuposa, ndipo ndalama yolemberatu ija imatsika pang'ono omudalira akamachuluka. Masamu anga onse pamwambapa ndi a mzati wa munthu wopanda omudalira, ndiye anu akhoza kusiyana ndi anga ndi timametikali tochepa. Mwana akabadwa, kauzeni a ku ofesi ndipo mutenge chikalata chake chakubadwa, chifukwa iwo amadula potsatira zimene zili m'fayilo yanu. Ndipo popeza boma limatha kusintha lamulo la msonkho, pemphani tebulo limene likugwira ntchito chaka chimenecho musanayambe kuwerengera.