Mizere inayi ya pansi pa chithunzi cha kwa agogo

Loweruka, 17 Ogasiti 2024, ku Likhubula

Lero tinasonkhana kwa agogo, ndipo aka kanali koyamba kuti tonse tikhale pabwalo limodzi chichitikire namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Pamene tinkamaliza kudya nsima ya nandolo ndi nkhuku, nkhungu imene inaphimba phiri m'mawa inali itayera, moti thanthwe la Chambe linkaoneka bwino kuseri kwa nyumba, choncho mchimwene wanga wamng'ono anati tijambulitse dzuwa lisanapendeke. Kujambulako sikunatenge ngakhale mphindi zisanu, koma mawu oti alembedwe pansi pa chithunzicho andidyera madzulo onse.

Pachithunzipo tilipo anthu 23. Agogo anakana mpando, ndipo akhala pamkeka pakati penipeni atatambasula miyendo, kachidzukulutuvi kali pamiyendo pawo. Amalume akhala pampando chakumanja, amayi ndi amayi aang'ono agwada pambali pa agogo, pamene bambo aima kumapeto kwenikweni chakumanzere, monga achitira munthu amene safuna kuyandikana ndi apongozi ake ngakhale atakhala pamudzi zaka makumi atatu.

Popeza ndine amene ndimati ndinapita kusukulu, ndinalemba monga ndimaonera m'nyuzipepala: "Banja la a Banda ku Mulanje. Kuchokera kumanzere: bambo, ine, achemwali, amayi, agogo." Ndisanatumize pagulu lathu la WhatsApp ndinawawerengera amayi, amene ankatsuka mbale kuseri kwa khitchini. Anaimika manja m'madzi momwemo n'kundifunsa kuti, "Kodi pamudzi pano ndi pa a Banda?"

Funso limeneli linandichititsa manyazi chifukwa yankho lake ndimalidziwa chibadwire. Kuno kwathu mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, ndipo malo amene tinaimapo ndi a agogo, amene anawalandira kwa amayi awo. A Banda ndi bambo anga, ndimawalemekeza, koma pabwalo limeneli iwo ndi akamwini. Kulemba kuti "banja la a Banda" kukanakhala kuwalanda amalume mbumba yawo pamaso pa abale onse, komanso kuwasandutsa alendo ana a amayi aang'ono, amene bambo awo ndi a mfunda wina. Ndinafufuta, n'kulemba kuti "ana ndi zidzukulu za agogo anaPhiri", mawu amene aliyense wa pachithunzipo angalowemo popanda wodandaula.

Nkhani ya kumanzere ndi kumanja ndi imene inandivuta kusiya, chifukwa njirayo ili ndi ubwino wake: munthu wosatidziwa amangotsatira ndi chala n'kupeza nkhope iliyonse. Koma mzere wotere suona msinkhu. Ukanaika dzina langa patsogolo pa la amayi, ndipo agogo akanatchulidwa pambuyo pa mdzukulu wawo, chinthu chimene sichichitika ngakhale popereka moni, pogawa thobwa kapena potsira madzi osamba m'manja. Njira imene ndapeza ndi yoyambira kwa wamkulu, kenako n'kunena pamene wakhala, kuti wowerenga asasochere: agogo pamkeka pakati, amalume pampando kumanja kwawo, amayi awiriwo pambali, ndipo ena onse pambuyo pake. Ndinakayikako pang'ono pakati pa agogo ndi amalume, poti eni mbumba ndiwo amayankhula pamilandu, pamaukwati ndi pamaliro, koma amalume eniake ataumva mkanganowo anaseka n'kunena kuti iwo sangatsogole amene anawabereka kumbuyo.

Dzina la ubatizo la agogo ndimalidziwa, poti linalembedwa pachitupa chawo cha unzika, koma sindinamvepo munthu wa pamudzi pano akuwaitana nalo. Anzawo a kumpingo amati anaPhiri, ena amawatchulira mwana wawo woyamba, ndipo mdzukulu amene angalembe dzina lenilenilo poyera amakhala ngati wawavula duku pagulu. Choncho mfunda ndi umene walowa m'malo mwa dzina, kwa iwo ndi kwa akuluakulu onse. Ndinaonetsetsanso kuti "a" waulemu sakuthera padzina pokha, chifukwa ambiri amalemba bwino kuti "agogo" kenako n'kupunthwa pamneni kapena pamloza. Chiganizo choti "uyu wakhala pakatiyu ndi agogo" chayamba ndi chipongwe ngakhale chathera paulemu. Choyenera ndi "awa akhala pakatiwa ndi agogo". Ngakhale liwu loti "anga" ndinalichotsa n'kuikapo "athu", popeza pachithunzi cha anthu ambiri chotere agogo si a munthu mmodzi.

Mchimwene wanga uja anali atandiyambirira kale. Pafoni yake anaika chithunzi chomwecho ndi mawu oti "ndili ndi nkhalamba yanga", ndipo nditamudzudzula anati agogo eniake amamutcha amuna awo, iye n'kumawaseka za mano. Zimenezo n'zoona, chifukwa agogo ndi mdzukulu amaloledwa kuselewulana mmene kholo ndi mwana sangachitire. Koma nthabwala imeneyo imakoma pakhonde, pamene agogo alipo ndipo angabwezere yawo. Ikalembedwa imapita yokha kwa apongozi, kwa akulu a mpingo ndi kwa anthu a kuntchito, amene samva kuseka kumene kunatsagana nayo, ndipo chimene amawerenga ndi mnyamata akutcha kholo lake nkhalamba. Anachotsa, ngakhale monyinyirika.

Chomaliza chinali cha agogo aamuna, amene kulibe pachithunzipo chifukwa anatisiya zaka zingapo zapitazo. Ine ndinkaona ngati kuwatchula kubweretsa chisoni pa tsiku lachimwemwe, koma amayi aang'ono anati kusawatchula kungaoneke ngati tawaiwala, pamene amalume ndi alongo awo onse mfunda wa Mbewe anautenga kwa iwo. Tinagwirizana kuti mawu akhale ochepa, "malemu a Mbewe", popanda kufotokoza za matenda kapena za maliro.

Pomalizira pake mawuwo anatuluka motere:

"Agogo athu anaPhiri, amene akhala pamkeka pakatipo, pamodzi ndi ana awo, zidzukulu ndi zidzukulutuvi, kumudzi ku Likhubula pa 17 Ogasiti 2024. Pampando kumanja kwawo pali amalume a Mbewe, eni mbumba, ndipo pambali pawo pagwada amayi ndi amayi aang'ono, anaMbewe. Kumbuyo kwaima akamwini ndi zidzukulu. Tikukumbukira malemu a Mbewe, amene anatilera pabwalo limeneli."

Sindinafune kutumiza eniake asanamve, choncho kutada ndinakagwada pakhomo pa chipinda chawo n'kuwawerengera pang'onopang'ono, kawiri, chifukwa khutu lakumanzere silikumvanso bwino. Anamvetsera atagwira chibwano, kenako anafunsa kuti, "Nanga apongozi anga aja mwangoti akamwini, alibe mfunda?" Ndinayankha kuti ndinaopa kutalikitsa. Iwo anati denga limene tagonamo analikhoma ndi a Banda mvula ya Freddy itagwetsa lakale, ndipo munthu wotero sangaponyedwe m'gulu ngati wobwera dzulo. Mzere wachitatu tsopano ukuti "Kumbuyo kwaima bambo a Banda ndi bambo a Mwale, pamodzi ndi zidzukulu." Ndatumiza cha m'ma 8 koloko, ndipo Lolemba ndidzapita ku Chitakale kukatsukitsa chimodzi chachikulu choti chikapachikidwe pabalaza, mawuwo ndidzawalembe ndi dzanja kuseri kwake.