Pulopozo ya mijigo: chomwe tinafufuta ndi chomwe tinasiya

Pulopozo yathu yoyamba yopempha ndalama inabwerera ndi funso limodzi lolembedwa m'mphepete: "Ndalama zikatha, chidzasinthe n'chiyani, ndipo tidzachiwerenga bwanji?" Ife, kagulu ka kuno cha ku Jali, tinali titalemba kuti cholinga chathu ndi kuthetsa vuto la madzi m'dera lathu. Mawu okoma ndithu, koma simungawagwire m'manja.

Ndinabwereka njinga n'kutenga kope, ndipo kwa masiku atatu ndinayendera mjigo uliwonse m'midzi ya a Gulupu athu. Ndinapeza mijigo 14, mwa iyo 6 yakufa. Paliponse ndinkafunsa zinthu zitatu: unafa liti, chinaonongeka n'chiyani, nanga komiti ya mjigowo ili ndi zingati m'thumba. Apa mpamene nkhani inatembenuka. Tinkaganiza zopempha ndalama zokumbira mijigo yatsopano, koma pa mijigo yakufayo, inayi inangotha timarabala ta m'kati mwa pampu ya Afridev, tinthu totsika mtengo. Mayi wina, ndowa ili pamutu akuchokera kudambo, anandiuza kuti, "Achimwene, mjigowu unafa tisanakolole, ndipo kuti tiitane amakaniko sitidziwa kuti tigogode kwa ndani." Ndiye kuti vuto silinali kuchepa kwa mijigo ayi. Mjigo ukafa umagona miyezi osakonzedwa.

Kuchokera pamenepo cholinga chinakhala chonchi: pomatha miyezi 12, mijigo yotulutsa madzi ichoke pa 8 ifike pa 13, ndipo mjigo ukaonongeka uzikonzedwa pasanathe masiku 7. Wa nambala 14 tinausiya dala chifukwa unauma pansi, ndipo palibe sipeya yomwe ingaudzutse. Opereka ndalama amayang'ana zinthu zomwe zili m'chiganizo chimenecho: mukuchokera pati, mukufuna kufika pati, pofika liti. Popanda nambala yoyambira, ya 8 ija, ya 13 sitanthauza kanthu.

Pomwe tinakangana kwambiri ndi pa kusiyanitsa cholinga ndi ntchito. A tcheya anaumirira kuti "kuphunzitsa makomiti" chikhale cholinga chachiwiri. Ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, tikaphunzitsa anthu onse, alawansi n'kulandira, koma mijigo n'kukhalabe yakufa, tidzati zatheka?" Anaseka n'kuvomera. Maphunziro ndi ntchito, ndiye njira yopitira, osati kofikira. Muyeso womwe ndimagwiritsa ntchito mpaka lero ndi uwu: chinthu chomwe ife tingachite n'kuchimaliza tsiku lomwe tasankha, chimenecho ndi ntchito, chomwe chiyenera kusintha pa anthu kapena pa mjigo ife titachokapo, chimenecho ndi chotsatira.

Ntchito zinatsala zitatu zokha: kukonza mijigo 5, kuphunzitsa anthu atatu pa komiti iliyonse kusolola ndodo za pampu ndi kusintha timarabala, ndi kupangana ndi wagolosale wa pamsika kuti azisunga masipeya. Pa bajeti, mzere uliwonse ndinaulemba nambala ya ntchito yake. Mzere wa matisheti unasowa nambala, ndiye unachoka, ngakhale ena anakwinya nkhope.

Chinanso chomwe ndinafufuta, mtima ukuwawa, ndi lonjezo lakuti tichepetsa kolera. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unali udakali m'maganizo mwa aliyense, ndipo mawuwo akanakometsa pulopozo. Koma kolera imadaliranso zimbudzi, mvula, ndi maulendo a asodzi a ku Nyanja ya Chilwa, zomwe kagulu kathu sikangazilamule. Ikanakwera chaka chimenecho tikanaoneka olephera, mijigo ikutulutsa madzi bwinobwino. Ndinaitchula pofotokoza vuto basi, osati pa zotsatira.

Kenako panabwera funso la umboni. Masiku 7 aja adzawerenga ndani? Tinagwirizana kuti mlembi wa komiti iliyonse akhale ndi kope la mizere itatu: tsiku lomwe mjigo wafa, tsiku lomwe wadzuka, ndi ndalama zomwe zapita. Mwezi ukatha, mlangizi wa zaumoyo azisainira. Tinaonjezanso chizindikiro chimodzi, ndalama zomwe zili m'thumba la komiti, chifukwa komiti yopanda khobidi singagule sipeya ngakhale itaphunzira chotani.

Tisanatumize pulopozoyo, tinakaiwerenga pamsonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, kenako ya dera, n'kutenga makalata ovomereza, kuphatikizapo ya ku ofesi ya zamadzi ku khonsolo. Kumeneko anatiuza kuti mjigo umodzi mwa isanu ija unali kale pandandanda wa bungwe lina. Ndinabwerera kunyumba usiku womwewo n'kusintha ntchito yoyamba kuti ikhale mijigo 4, ndipo pansi pa cholinga ndinalemba kuti wachisanuwo tikudalira ena, kuti ukachedwa mlandu usagwere ife.