Mbiri ya moyo wanga: Usiku umene ndinamva mawu a mkazi pa foni ya ku Joni

Zikomo nonse amene munandilembera mutawerenga gawo lapitalo, makamaka inu amayi a ku Bembeke amene munati nkhani ya maliro a agogo inakulizani. Ambiri mwafunsa ngati nsanje sinandigwirepo zaka zonse zimene bambo a mwana anali ku Joni. Inandigwira, ndipo lero ndifotokoza mmene ndinawauzira.

Mukukumbukira kuti ndinawaperekeza pa boda ya Dedza mu 2018 mwana ali kumsana. Mu 2020 korona inatseka njira, zaka zinangodutsa, ine ndikugulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu. Chimene chinkagwira banja lathu chinali foni ya madzulo aliwonse, iwo akaweruka.

Ndiye mu Juni 2022 mafoni aja anayamba kufupika. Loweruka lina tili mkati molankhula, ndinamva mkazi akuseka chapafupi, kenako anati, m'Chichewa chathu chomwechi, "Bwerani, nsima yapsa." Bambo anangoti "ndiimbanso", n'kudula. Sanaimbe.

Inu a kuno mukukudziwa kuzizira kwa Juni. Ndinakhala pamphasa nditafunda bulangete, mwana ali mtulo, foni ili m'manja. Cha m'ma 1 koloko usiku pansi pa dzina lawo pa WhatsApp panalembedwa online. Ku Joni ndi kuno nthawi ndi imodzi, ndiye sindikanadzitonthoza kuti mwina kumeneko kukadali masana. Anali maso, foni ili m'manja ngati ine, koma osandilembera. Ndinamuumba mkazi uja m'mutu mwanga mpaka ndinamuona nkhope, tsitsi, ngakhale mbale imene anawapakuliramo. Ndinakumbukira kuti ine ndinasiya kalekale kuwaphikira, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa kuseka kuja. M'mimba munkatentha, manja ankanjenjemera. Ndinalira moluma bulangete kuti mwana asadzuke.

Kutacha ndinatenga kope limene ndimalembamo angongole. Tsamba lina ndinalemba zimene ndinamva ndi kuona ndekha: mawu a mkazi, foni kudulidwa, online usiku, mafoni kufupika. Tsamba linalo ndinalemba zimene ndinkaganiza, ndipo linadzaza. Ndinatsimikiza kuti pa foni ndikanena za tsamba loyamba zokha.

Achemwali anga anati nditengere nkhaniyo kwa ankhoswe. Ndinakana, chifukwa nkhani ikafika kwa ankhoswe yasanduka mlandu, ndipo mlandu umafuna wolakwa. Ine ndinalibe umboni, ndinali ndi mtima wowawa. Alamu anga aja, omwe aja a nkhani ya malata, anati ali ndi mnzawo ku Joni amene angawazonde. Alamu, ndikudziwa mumawerenga. Munapita nayo nkhaniyo kuchigayo ndisanalankhule n'komwe ndi mwamuna wanga, ndipo mpaka lero simunapepese. Kazitape akanangondibweretsera mphekesera, bambo n'kudzamva kuti mkazi wawo akuwatumira anthu.

Chinanso ndi ichi. Mwamuna amene muli naye m'nyumba mukamuneneza, akwiya, atuluka, koma madzulo abwera ndipo muonana nkhope. Wa ku Joni amangozimitsa foni, inu n'kutsala ndi mafunso omwe aja, kuwonjezapo mantha.

Ndinawalembera mawu ochepa: "Bambo, mwana ali bwino, kuno kulibe zovuta. Mukapeza mpata lero mundiimbire, ndili ndi za mumtima mwanga. Si mlandu." Ndinayamba ndi mwana dala, popeza munthu wa kutali akamva kuti "tilankhulane" amaganiza matenda kapena maliro. Nkhani yeniyeniyo sindinailembe, chifukwa mawu olemba munthu amawawerenga ndi ukali umene iwe sunaikemo. Ndinagula bandulo yokwanira kuti isathere pakati, mwana ndinakamusiya kwa amayi, ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe kumene netiweki imagwira bwino.

Ataimba ndinati, "Dzulo ndinamva mawu a mzimayi, foni n'kudulidwa, ndipo simunaimbenso. Usiku ndinaona muli pa foni. Sindinagone, bambo. Nsanje yandigwira, ndipo ndaona kuti ndikuuzeni inuyo, osati anthu ena. Sindikudziwanso mmene mukukhalira masiku ano, ndiye mutu wanga ukumangodzipangira nkhani."

Anakhala chete, kenako mawu anakwera: "Ndiye mukuti ndili ndi chibwenzi?"

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Ukavomera, waneneza. Ukati "ayi, zisiyeni, palibe kanthu", wameza nkhaniyo ndipo idzatuluka tsiku lina ili yoipa. Ndinati, "Sindinanene zimenezo, ndipo sindikuzidziwa. Ndanena zimene ndinamva ndi mmene zandipwetekera. Zotsalazo mundiuze ndinu." Ndinasiyira pomwepo. Kudikira kumeneko kunali kowawa, koma sindinawonjezere liwu.

Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono. Ntchito ya kumunda wa maluwa ija inali itatha, anapeza ya ulonda wa usiku, ndalama zochepa. Lendi itawakanika anasamukira m'nyumba ya banja lina la kwathu konkuno, n'kumasonkherana chakudya. Anabisa chifukwa cha manyazi, poopa kuti ndiziti ulendo wa ku Joni walephereka. Loweruka lija anadula foni poopa kuti ndifunsa, kenako anasowa poyambira.

Ndinapempha zinthu zing'onozing'ono zimene munthu angathe kuchita ndipo ine n'kuziona. Akasintha ntchito kapena nyumba, ndizimva kwa iwo. Foni ikaduka, atumize ngakhale mawu awiri tsiku lomwelo. Lamulungu masana tiziimbirana pa vidiyo osathamanga. Sindinapemphe nambala yachinsinsi ya foni yawo, kapena kuti azindijambulira paliponse ali. Zimenezo zimangodyetsa nsanje, mawa imafuna zambiri.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti nawonso anali nayo yawo. Anati, "Nanga dalaivala wa lole amene mumati amakugulani matumba onse uja, ine mumaganiza ndimagona?" Anali ataisunga chaka chathunthu. Ndinawayankha bwinobwino, ndinawauza masiku amene amabwera ndi amayi anzanga amene timagulitsa limodzi.

Ndikudziwa wina alemba m'munsimu kuti anandinamiza, monga munalembera pa gawo la ndalama za feteleza lija. Foni siingatsimikize kuti munthu ndi wokhulupirika, zimenezo n'zoona. Ine ndinayang'ana zimene zinatsatira. Lamulungu lotsatira anandionetsa chipinda chonse pa vidiyo ndisanapemphe, mayi uja anandipatsa moni mwamuna wake ali pambali. Miyezi inadutsa akusunga zimene tinagwirizana. Akanakhala kuti nthawi iliyonse ndikatchula za mtima wanga akunditukwana, akusowa sabata yathunthu, kapena akuleka kutumiza ya mwana pofuna kundikhaulitsa, pamenepo ndikanapita kwa ankhoswe mosazengereza, chifukwa vuto silikanakhalanso nsanje yanga.

Nkhani yokayezetsa magazi sindinaiphatikize ndi ya tsiku limenelo, ikanamveka ngati chigamulo. Ndinaiyambitsa patapita miyezi, ndinati akabwera tikayezetse tonse awiri, popeza tonse takhala patokha nthawi yaitali. Anavomera. Anafika mu Disembala, ndipo tinapita kuchipatala mmawa wotsatira. Za ulendo umenewo, ndi zimene apongozi ananena atationa pamzere, ndidzalemba m'gawo likubwerali.