Tsiku la 14 si la mayi aliyense

Chithunzi cha msambo chimene chili m'mabuku athu pafupifupi onse chimakhala cha masiku 28, dzira n'kutuluka pa tsiku la 14. N'chosavuta kuloweza, ndipo pa mayeso chimakupatsa mamalikisi. Koma teremu ino, pamene ndikuwerenga mutuwu uku ndikuphunzira ntchito ku chipinda cha kulera kuno ku Mangochi, ndaona kuti nambala imeneyi tikuiwerengera kolakwika. Masiku 14 odalirikawo sayambira pa tsiku loyamba kusamba. Amawerengedwa chobwerera, kuchokera pa msambo umene ukubwera.

Chifukwa chake chili m'mabasiketi a mazira. Dzira lililonse limakhala m'kathumba kake kotchedwa folikulo. Mwana wamkazi amabadwa ndi timatumba timeneti pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, pofika potha msinkhu timatsala pafupifupi 400,000, koma totulutsadi dzira pa moyo wake wonse sitipitirira 500. Poyamba kathumbako kamakhala kogona, dzira litakutidwa ndi mzere umodzi wa maselo ophwatalala. Kakadzuka maselowo amanenepa, kenako amachulukana kukhala mizere ingapo, kenako mkati mumatseguka mpata wodzaza madzi. Ulendo umenewu ndi wa miyezi yambiri, ndipo mbali yake yaikulu sigwirizana n'komwe ndi kalendala ya msambo. Dzira lotuluka mwezi uno linayamba kukula mayiyo asanasambe misambo ingapo yapitayo.

Zimene timati gawo loyamba la msambo ndi mathero chabe a ulendowo. Msambo ukamayamba, homoni ya FSH yochokera m'kachiwalo ka pansi pa ubongo imakwera, n'kukoka kagulu ka timatumba tokhala kale ndi madzi, ta mamilimita 2 mpaka 5. Tikamakula timatulutsa homoni ya esitirojeni, ndipo esitirojeniyo amabweza FSH pansi. Apa ndi pamene pali nkhani: FSH ikachepa, kathumba kamene kanali patsogolo kamapitirirabe chifukwa kamamva homoniyo ngakhale ili yochepa, pomwe tinzake tonse timafota. Kotsalako kamakula pafupifupi mamilimita 2 pa tsiku mpaka kufika cha m'ma 20. Esitirojeni akakhala pamwamba kwa masiku awiri, homoni ina yotchedwa LH imakwera mwadzidzidzi, ndipo pakatha maola pafupifupi 36 kathumba kamaphulika, dzira n'kutuluka.

Mpikisano umenewu ulibe tsiku lothera. Kwa mayi wina umatha pa masiku 10, kwa wina 21, ndipo kudwala, kuonda kwambiri, nkhawa kapena kuyamwitsa kungauchedwetse. Koma dzira likangotuluka, chotsalira cha kathumba kaja chimasanduka kanthu kachikasu kotchedwa kopasi luteyamu, kamene kamatulutsa homoni ya pulojesiteroni. Moyo wake ndi woikika, masiku pafupifupi 14, kusiyana kwake n'kwa masiku ochepa chabe. Ngati mimba sinalowe kamafa, ndipo msambo umayamba.

Khungu la mkati mwa chiberekero limangotsatira zimenezi. Pomaliza kusamba limakhala lopyapyala, mamilimita 2 mpaka 4. Esitirojeni wa kathumba kokula kaja amalimanganso, ndipo pofika nthawi ya dzira limakhala cha m'ma 10; pa sikani limaoneka ngati mizere itatu. Pulojesiteroni salikulitsa kwenikweni, amalikhwimitsa: timabowo take timapindikapindika n'kuyamba kutulutsa chakudya cha mluza, timitsempha ta magazi timazungulira ngati sipuling'i. Pulojesiteroni akagwa timitsemphato timafinyika, gawo la pamwamba limasowa magazi, limafa n'kuyoyoka. Gawo la pansi limatsala, ndipo ndi pomwe khungu latsopano limaphukira.

Mayi wina wochokera kutsidya kwa Shire anabwera akufuna mwana wachiwiri. Amuna awo ndi asodzi, amakhala ku nyanja nthawi yaitali, ndiye ankapangana kuti azibwera kunyumba pakati pa mwezi, pa tsiku la 14, monga anamvera kwa anzawo. Anesi amene ndinali nawo sanayambe ndi mankhwala.

"Mayi, mumatha masiku angati kuchokera tsiku loyamba kusamba mpaka mudzasambenso?"

"Ine anesi, mwezi umadutsa. Ndimaonjezera sabata."

Atayang'ana masiku amene mayiyo ankalemba kuseri kwa buku lawo la kuchipatala, anapeza kuti ndi 35, mwezi ndi mwezi. Tinawerengera limodzi. Anayamba kusamba pa 1 Juni, ndiye msambo wina tiuyembekezere pa 6 Julayi. Kubwerera masiku 14 tikufika cha pa 22 Juni. Mbewu ya abambo imatha kukhala m'thupi la mayi mpaka masiku 5, koma dzira silipitirira tsiku limodzi, choncho masiku oyenera ndi kuyambira cha pa 17 mpaka 22 Juni. Pa 14 Juni, pomwe bambo ankafika n'kubwereranso ku nyanja m'mawa mwake, kathumba kanali kadakali kang'ono, dzira kudakali sabata yathunthu kuti lituluke.

Masamu omwewa amaluma mbali inayo. Mikanda yolerera ija, yoyera kuyambira tsiku la 8 mpaka 19 posonyeza masiku otenga pakati, inapangidwira amayi a masiku 26 mpaka 32 okha. Mayi uyu akanaitenga kuti apewe mimba, tsiku la 20, 21 ndi 22 akanakhala pa mikanda yakuderako, yosonyeza kuti palibe vuto, pomwe ndi masiku enieni otenga pakati. Ine ndikuona kuti funso la kutalika kwa msambo liyenera kufunsidwa mikandayo isanatuluke m'kabati, osati mayi atagwira kale m'manja.

Kalendala imangolosera, thupi ndi limene limatsimikiza. Anesi anawafunsa mayiwo za chikazi. Esitirojeni akakwera, chikazi chimachuluka, chimakhala choonekera ngati madzi, choterera ndi chonanda pakati pa zala. Pulojesiteroni akalowa chimauma n'kukhala chomata. Mayiwo anaseka, amvekere chotereracho amachionadi sabata yachitatu, ndipo ankaganiza kuti ndi matenda. Kutentha kwa thupi nakonso kumakwera pang'ono, madigiri 0.3 mpaka 0.5, dzira litatuluka, koma kumafuna kuyeza m'mawa uliwonse usanadzuke, ndipo malungo akangokugwira chizindikirocho chasokonekera. Kuyeza pulojesiteroni m'magazi, kumene kukupezeka, mabuku amati tsiku la 21. Tanthauzo lake lenileni ndi masiku 7 msambo usanafike. Kwa mayi wathuyu ndi cha pa 29 Juni. Kumuyeza pa 21 Juni kukanaonetsa homoni yotsika, wina n'kulemba kuti satulutsa mazira.

Nanga dzira likapanda kutuluka n'komwe? Palibe kanthu kachikasu kaja, palibe pulojesiteroni, ndipo esitirojeni amangomanga khungu popanda wolikhwimitsa kapena kuligwetsa pa nthawi yake. Limakula mpaka kulephera kudzigwira, n'kumasweka pang'onopang'ono, apa ndi apo. Mayi amatha miyezi iwiri osasamba, kenako kutaya magazi ambiri kwa masiku 10 kapena kuposa. Zimachitika kawirikawiri kwa atsikana ongotha msinkhu ndi amayi oyandikira kusiya kusamba. Chosiyanitsa n'chakuti msambo wotsatira dzira umabwera pa nthawi yodziwika, kaya ndi masiku 24 kapena 35, pomwe magazi enawa alibe kalendala. Choyamba kwa mayi wotere ndi kuyeza mimba. Ngati palibe, ndipo wapitirira zaka 45 kapena vutoli lakhalitsa, khungulo liyenera kuyezedwa, chifukwa esitirojeni wopanda pulojesiteroni kwa nthawi yaitali amatha kulikulitsa mopitirira muyezo mpaka kuyambitsa khansa.