Mmene ndinakonzera matebulo a fizi pa sukulu ina ku Thyolo

Sukulu ya sekondale yomwe si ya boma, kufupi ndi Luchenza, inandipempha kuti ndisamutsire kaundula wa fizi mu kompyuta. Ndisanalembe kalikonse ndinakhala pansi ndi abasala n'kumayang'ana mmene ndalama zimafikira. Makolo ambiri kumeneko amagwira ntchito m'maesiteti a tiyi kapena amachita geni, motero salipira fizi yonse nthawi imodzi, koma amapereka pang'onopang'ono akalandira malipiro, ena pamanja, ena kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, enanso amabwera ndi kapepala ka ku banki. M'buku lawo mwana aliyense anali ndi mzere umodzi wokhala ndi madanga atatu a zopereka, ndipo kholo likabwera kachinayi ankalemba m'mphepete ndi pensulo. Apa ndinaona kuti chopereka chilichonse chiyenera kukhala mzere pachokha, popeza palibe amene angadziwiretu kuti kholo lidzabwera kangati.

Ndinayamba ndi anthu. Tebulo la `ophunzira` lili ndi nambala yolembetsera, dzina ndi tsiku limene mwana anayamba pa sukulupo, koma mulibe kalasi, chifukwa kalasi imasintha chaka ndi chaka ndipo tikamafufuta yakale sitingadziwenso kuti ngongole ya chaka chatha inali ya Fomu 2. Tebulo la `owalera` lili ndi dzina ndi nambala ya foni. Sindinalitche la makolo, pakuti kuno kwathu amene amalipirira mwana nthawi zambiri amakhala amalume ake, agogo ake kapena mchemwali wake wamkulu, ndipo dzina la bambo limene mwanayo analembetsa silifanana ndi lawo. Munthu mmodzi akhoza kulera ana atatu, mwana mmodzinso akhoza kulipiriridwa ndi anthu awiri, mayi ake kumudzi ndi bambo ake amene ali ku Joni. Choncho pakati pa matebulo awiriwa ndinaika lachitatu, `ubale`, limene mzere wake uliwonse umanena kuti uyu amalera uyu, ndi ndani wake, komanso ngati ndiye woyenera kumuimbira foni pa nkhani ya fizi.

Tebulo la `materemu` ndi lalifupi: chaka cha sukulu, nambala ya teremu, tsiku lotsegulira ndi lotsekera. Chaka cha sukulu ku Malawi chimayamba mu Seputembala n'kutha chaka chinacho, ndiye ndimachilemba chonse, monga 2024/2025, kuti teremu yachiwiri yoyamba mu Januwale isasochere.

Ntchito yeniyeni inali pa ndalama. Ndinasiyanitsa zimene mwana ayenera kulipira ndi zimene munthu wabweretsa. Teremu ikamatsegulidwa, mwana aliyense amalembedwera mzere umodzi mu `mabilu`, wokhala ndi nambala yake, teremu, kalasi imene ali ndi ndalama zofunika. Ndalamazo zimakopedwa n'kukhazikika mu mzeremo, kuti fizi ikadzakwera mabilu akale asakwere nawo. Mwana amene ali pa basale kapena wa mphunzitsi amangolembedwera bilu yotsikirapo. Ndinaikapo lamulo la `UNIQUE (wophunzira_id, teremu_id)` kuti mwana asalembedwe kawiri teremu imodzi. Tebulo la `malipiro` lokha silitchula mwana konse. Limanena amene wapereka, tsiku, ndalama, njira imene wagwiritsa ntchito, nambala ya lisiti ndi nambala imene imabwera pa uthenga wa foni kapena pa kapepala ka banki.

Abasala anadabwa nazo. "Achimwene, ndalama yopanda dzina la mwana tidziwa bwanji kuti ndi ya ndani?" Ndinawapempha kuti atsegule buku pa tsamba la amalume ena amene amalera ana awiri, mtsikana wa Fomu 3 ndi mnyamata wa Fomu 1. Tiyerekeze kuti fizi ndi K120,000 pa teremu, ndipo mtsikanayo anatsala ndi K30,000 ya teremu yoyamba. Mu Febuluwale amalumewo atumiza K150,000 kamodzi n'kuimba foni kuti, "Tsekani kaye ngongole ya mkuluyo, zotsalazo muwagawire pakati." Ndalamayi ndi imodzi, uthenga wake ndi umodzi, lisiti lake ndi limodzi, koma ikupita ku mabilu atatu: K30,000 ku teremu yoyamba ya mtsikana, K60,000 ku teremu yake yachiwiri, ndi K60,000 ku teremu yachiwiri ya mnyamata. Tikanaika dzina la mwana pa malipirowo tikanakakamizika kuwaduladula m'mizere itatu, ndipo pakutha pa mwezi palibe mzere umene ukanafanana ndi K150,000 imene ikuoneka pa sitetimenti. Tebulo limene limathetsa vutoli ndi ili:

```sql
CREATE TABLE magawo (
  malipiro_id INTEGER NOT NULL REFERENCES malipiro(id),
  bilu_id     INTEGER NOT NULL REFERENCES mabilu(id),
  ndalama     INTEGER NOT NULL CHECK (ndalama <> 0),
  PRIMARY KEY (malipiro_id, bilu_id)
);
```

Ndalama ndinazisunga ngati `INTEGER`, osati `FLOAT`, chifukwa manambala a mtundu wachiwiriwo sasunga tizigawo ta matambala molondola, ndipo mukaphatikiza mizere yambiri pamatsala kusiyana kumene abasala sangakufotokoze. Popeza tinagwiritsa ntchito SQLite, pulogalamu iyenera kulamula `PRAGMA foreign_keys = ON;` nthawi iliyonse ikalumikizana ndi detabesi, apo ayi mawu a `REFERENCES` sagwira ntchito ndipo gawo likhoza kuloza bilu imene kulibe.

Danga la ngongole yotsala ndinakana kuliika, ngakhale eni sukulu ankalifuna. Nambala yotere imafunika kuisintha pa chopereka chilichonse, ndipo magetsi akangothima pakati pa kulemba malipiro ndi kusintha dangalo, kapena wina akakonza mzere umodzi pamanja, imayamba kunama popanda wodziwa. Mwana angabwezedwe kunyumba pamene amalume ake analipira kale, ndipo cholakwa chotere sindifuna kuti chichokere ku ntchito yanga. Zotsala timaziwerengera nthawi iliyonse:

```sql
SELECT b.id, b.ndalama - COALESCE(SUM(g.ndalama), 0) AS zotsala
FROM mabilu b
LEFT JOIN magawo g ON g.bilu_id = b.id
GROUP BY b.id, b.ndalama;
```

Pa mabilu atatu aja funsoli limatulutsa 0, kenako 60000 ndi 60000. Mawu a `LEFT` ndi ofunika kwambiri: mukangolemba `JOIN` yekha, ana amene sanalipireko kalikonse amasowa pa mndandanda, chifukwa alibe mzere mu `magawo`, chonsecho ndi iwowo amene sukulu ikuwafunafuna. Mungazindikire vutoli poyerekeza chiwerengero cha mizere yotuluka ndi chiwerengero cha mabilu.

Panatsala zinthu ziwiri zoteteza. Uthenga umodzi wa foni ukhoza kuonetsedwa kwa abasala Lolemba, mwana n'kudzauonetsanso kwa kalaliki Lachinayi, motero ndinaika `UNIQUE (njira, nambala)` pa `malipiro`, ndipo kompyuta imakana kuulemba kachiwiri. Pa zolakwika za kulemba, tinagwirizana kuti mzere wa ndalama sufufutidwa. Kalaliki akalemba K51,000 m'malo mwa K15,000, amalemba mzere wina wobweza, wa -51000 wokhala ndi nambala yakeyake ndi magawo ake obweza, kenako n'kulemba wolondolawo, nawonso ndi nambala yakeyake kuti `UNIQUE` asaukane. N'chifukwa chake lamulo la `CHECK` likuletsa ziro yekha.

Madzulo aliwonse abasala amayendetsa funso lina limene limayerekeza ndalama za mzere uliwonse wa `malipiro` ndi magawo ake ataphatikizidwa. Magawo akapitirira, penapake palakwika ndipo amakonza tsiku lomwelo. Akachepa, ndiye kuti kholo linalipira mopitirira, ndipo zotsalazo zimadikira pansi pa dzina lake mpaka mabilu a teremu yotsatira atalembedwa.