Musanapite kukayezetsa homoni yokulitsa thupi, werengani izi

Opaleshoni yatheka, chotupa chachoka, koma chimene chikundiwawabe ndi miyezi imene ndinataya chifukwa cha kuyeza kolakwika. Matenda anga ndi akiromegale. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kotchedwa pituwitale, ndipo pakamera chotupa, chomwe nthawi zambiri si khansa, homoni yokulitsa thupi imatuluka yambiri. Mwana amene mafupa ake akadakula amatalika modabwitsa. Ife akuluakulu sititalikanso, koma manja, mapazi, mphuno ndi chibwano ndi zimene zimakula. Mphete inakana, nsapato zinathina, mano anayamba kutalikirana, mkonono ndi thukuta osanena.

Tsono amene ndinayamba kuwaona anangoyeza homoniyo kamodzi, n'kunena kuti zonse zili bwino. Bwino chiyani? Homoni imeneyi imatuluka mwa apo ndi apo, imakwera ndi kutsika tsiku lomwelo, ndiye magazi otengedwa kamodzi sanena chilichonse chodalirika. Choyenera kuyeza ndi IGF-1, yomwe chiwindi chimapanga chikalandira homoniyo. Iyo sisinthasintha choncho, ndipo amaiyerekeza ndi zaka zanu. Onetsetsani kuti papepala alemba IGF-1.

Itapezeka yokwera, anandiitana kukamwa shuga. Apanso palibe anandiuza kuti ndisadye kuchokera usiku, moti anandibweza, tsiku lonse n'kupita pachabe. Mumamwa magalamu 75 a shuga wosungunula m'madzi, kenako amakutengani magazi mphindi 30 zilizonse kwa maola awiri. Kwa munthu wabwinobwino shuga amaitsitsa homoniyo mpaka pansi. Yanga sinatsike, ndipo umboni unali womwewo.

Ndisanaiwale, tengani zithunzi zanu zakale. Nkhope imasintha pang'onopang'ono kwa zaka, moti a m'nyumba saona kanthu. Adokotala a za mahomoni atayang'ana zithunzi zanga sanafunsenso zambiri.

Sikani ya MRI ndi imene inaonetsa chotupacho. Anandiyezanso maso, poti chikakula chimapanikiza mitsempha ya maso ndipo munthu amasiya kuona za m'mbali osadziwa. Nthawi zambiri opaleshoni amadzera m'mphuno, mutu saung'amba ayi. Mukatuluka musamine mpaka atakulolani. Mukaona madzi oyera akudontha m'mphuno, kapena ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, bwererani msanga, musadikire tsiku limene anakulemberani.

Dzanzi la m'manja ndi kutupa zinachepa mwachangu, koma fupa limene linakula silibwerera, chibwano changa ndi chomwechi. IGF-1 amayezanso pakatha miyezi itatu, chifukwa imachedwa kutsika. Ikakhalabe yokwera pali jakisoni wa mwezi ndi mwezi, monga okitiriyotaidi. Ndipo wina akakuuzani kuti homoni ili bwino, mufunseni kuti wayeza iti, IGF-1 kapena inayo.